Tebulo la masamba 6 kuchoka pa sikani kupita mu Excel osasokoneza makolamu

Nkhani yake inayamba chonchi, gulu lathu lothandizana pa maliro kuno ku Joni laputopu ya mlembi inafa, fayilo ya zopereka inapita nayo limodzi, chomwe chinatsala ndi mapepala 6 omwe anapulinta kumapeto kwa Malichi. Ndiye a msungichuma anangoti achimwene inu mumadziwa za kompyuta, tibwezereni izi mu Excel. Ndinkaona ngati ndi ya maola awiri, koma inandidyera Loweruka lonse, ndipo nthawi yambiri inathera pa zinthu ziwiri basi, maselo ophatikizidwa aja ndi mutu wa tebulo womwe masamba ena unalipo ena unalibe. Ndikuuzani momwe ndimachitira pano, mwa dongosolo lake, chifukwa pa ntchito imeneyi mukadumpha sitepe mumadzazindikira mochedwa ndalama zitalowa kale pa dzina la munthu wina.

Tebulo lake linali lotere. Kumanzere kwenikweni kolamu ya Dera, ndipo dzina la dera ngati Yeoville kapena Rosettenville linalembedwa kamodzi kokha mu selo imodzi yaitali yotsika pansi, yokwana anthu onse a dera limenelo. Kenako Dzina. Kenako mutu waukulu Zopereka, pansi pake timitu titatu Januwale, Febuluwale, Malichi. Kenako Zonse. Kumapeto mutu wina waukulu Ngongole, pansi pake Yotenga ndi Yobweza. Aliyense amapereka R150 pa mwezi, anthu onse 161.

Sitepe yoyamba, sikani ikhale yowongoka

Apa sindichedwapo koma musanyozere. Pempherani 300 dpi, ya Grayscale, masamba onse pa makina amodzi komanso pa saizi imodzi. Mukasankha yakuda ndi yoyera yokha mizere yopyapyala ya tebulo imadukaduka, pamene mizere imeneyo ndi yomwe ikukuuzani pomwe selo yophatikizidwa yathera. Pepala likhale lokhudza m'mphepete mwa galasi, osangoliponya. Pepala la A4 logonekedwa ndi mamilimita 297 m'litali, ndiye likangopendekeka digiri imodzi yokha, mbali ya kumanja imatsika pafupifupi mamilimita 5 poyerekeza ndi kumanzere, pamene mzere umodzi wa tebulo ngati lathuli ndi mamilimita 6 kapena 7. Mwaona vutolo eti, dzina liri pa mzere uwu ngongole yake yatsala pang'ono kugwera pa mzere wa mnzake wa pansi.

Komanso ngati wina akukutumizirani pa WhatsApp muwauze atumize ngati Document osati ngati chithunzi, chithunzi chimafinyidwa mpaka 3 ndi 8 kumafanana.

Sikani ndi chithunzi chabe, mulibe zilembo zoti Excel ingawerenge, ndiye imafunika idutse kaye mu OCR, pulogalamu yowerenga zilembo za pa chithunzi ija. Makina ena a ku kafe amachita okha mukasankha Searchable PDF. Ine ndimagwiritsa ntchito OCRmyPDF yomwe ndi yaulere, ndipo imawongolanso tsamba lopendekeka nthawi yomweyo:

```
ocrmypdf --deskew --rotate-pages buku.pdf buku-ocr.pdf
```

Kuti mudziwe ngati zatheka tsegulani PDF yatsopanoyo muyese kusankha dzina limodzi ndi mausi, likasankhika ndiye kuti zilembo zilimo.

Sitepe yachiwiri, werengani makolamu pa pepala musanakhudze kompyuta

Iyi ndi yomwe anthu ambiri amadumpha. Tengani tsamba loyamba ndi cholembera, muwerenge makolamu kuchokera pa mzere wa pansi wa mutu osati wa pamwamba. Mukawerenga pamwamba pa tebulo lathuli mupeza 5, Dera, Dzina, Zopereka, Zonse, Ngongole, koma makolamu enieni ndi 8 chifukwa Zopereka yavundikira atatu ndipo Ngongole yavundikira awiri. Nambala 8 imeneyo ilembeni penapake, tsamba lirilonse lidzayenera kutuluka ndi makolamu 8, osati 7 osati 9.

Ndiye tsegulani shiti yatsopano mu Excel mulembe mutu wa mzere umodzi wokha, kolamu iliyonse dzina lakelake lokwanira, mutu waukulu mukuulumikiza ndi waung'ono:

```
A Dera
B Dzina
C Zopereka Januwale
D Zopereka Febuluwale
E Zopereka Malichi
F Zonse
G Ngongole yotenga
H Ngongole yobweza
I Tsamba
```

Kolamu I ndi yoonjezera yathu, pa pepala palibe, ntchito yake muiona kutsogoloku. Mutu wa mizere iwiri ndi wokongola pa pepala koma mu Excel umangosokoneza Sort ndi Filter, chifukwa zimenezi zimafuna mzere umodzi wa mutu pamwamba basi. Ndiye mutu musadikire kuti OCR ikubweretsereni, lembani ndi manja anu, ndi mawu ochepa awa.

Sitepe yachitatu, tsamba lirilonse palokha

Mu Excel yatsopano ya pa Windows pitani Data, Get Data, From File, From PDF, musankhe fayilo ya OCR ija. Ikuonetsani mndandanda wa ma Table ndi ma Page. Chiyeso chimakhala choti musankhe onse muwaphatikize nthawi imodzi, ayi ndithu musatero. Tsamba lirilonse lilowe mu shiti yakeyake kaye, chifukwa pulogalamuyo imangoganizira malire a makolamu poona pomwe zilembo zaima pa tsamba limenelo, ndiye tsamba lina limatuluka ndi makolamu 8 lina 7 lina 10, mukawaunjika pamodzi asanakonzedwe Malichi wa tsamba 2 amakakhala pansi pa Zonse wa tsamba 1 ndipo simudziwa kuti zayambira pati.

Pali msampha wina apa. Mlembi wathu mutu ankachita kukopera ndi manja pomwe wakumbukira, ndiye unali pa tsamba 1, 2 ndi 5 pokha, masamba 3, 4 ndi 6 amangoyamba ndi dzina la munthu. Power Query, yomwe ndi windo imatseguka mukadina Transform Data, nthawi zina imatenga mzere woyamba n'kuusandutsa mutu payokha. Yang'anani kumanja pa Applied Steps, mukaona Promoted Headers pa tsamba lopanda mutu ichotseni ndi ka X kali pambali pake, pamodzi ndi Changed Type yotsatira pansi pake, apo ayi munthu woyamba wa tsambalo wasanduka mutu wa tebulo ndipo ndalama zake zasowa. Ine ndinachotsa pa tsamba 4 ndi 6, la 3 ndinaiwala, ndikuuzani momwe ndinagwidwira.

Sitepe yachinayi, kuwongola mizere yomwe yasuntha

Apa ndi pomwe pali ntchito yeniyeni ndiye ndikhalapo pang'ono. Ikani PDF mbali imodzi ya sikirini Excel mbali inayo. Power Query imaika tsamba mu shiti ngati Table, ndipo mkati mwa Table simungasunthe selo imodzi yokha, ndiye pa shiti iliyonse dinani kaye mkati mwake, Table Design, Convert to Range. Mizere imasuntha m'njira ziwiri, ndipo iliyonse ili ndi chizindikiro chake.

Yoyamba ndi kusunthira kumanzere, ndipo chimayambitsa ndi selo yopanda kanthu. Tinene mayi wina sanapereke Febuluwale, pa pepala pali 150, kenako malo opanda kanthu, kenako 150, Zonse 300. Diso la munthu likuona mpatawo chifukwa cha mizere ya tebulo, koma OCR yawerenga manambala atatu okha, ndiye nthawi zina amangotsatizana, C 150, D 150, E 300, F mulibe kanthu. Mukangoyang'ana mothamanga zikuoneka bwinobwino, mayi uja akuoneka kuti anapereka miyezi yonse ndipo Malichi anachita kuwirikiza. Chizindikiro chake ndi kolamu yomwe siyenera kukhala yopanda kanthu, kwa ife ndi Zonse, munthu aliyense ali ndi nambala pamenepo ngakhale ikhale 0. Ndiye tsikani ndi kolamu F, paliponse pali mpata pitani mukaone pa PDF. Kukonza kwake dinani kumanja pa selo D ya mzere umenewo, Insert, Shift cells right, zonse zibwerera m'malo mwake. Samalani musasankhe Entire column.

Yachiwiri ndi kusunthira kumanja, ndipo iyi ndi ya kuno ku Joni kwenikweni chifukwa cha kalembedwe ka ndalama. Kuno pa masitetimenti ambiri masauzande amasiyanitsidwa ndi mpata, masenti ndi koma, ndiye R1500 imalembedwa 1 500,00. Pulogalamu ikaona mpata umenewo imatha kuganiza kuti ndi malire a kolamu. Bambo wina anatenga ngongole ya 1 500,00 n'kubweza 600,00, mu Excel zinatuluka G 1, H 500,00 ndipo 600,00 inakankhidwira ku kolamu yachisanu ndi chinayi yomwe pa pepala kulibe. Ndiye kuti malinga ndi shiti, bamboyo anakongola randi imodzi n'kubweza 500, gulu ndi lomwe liri ndi ngongole kwa iwo, tangoganizani zikanawerengedwa choncho pa msonkhano. Chizindikiro chake ndi chophweka, chirichonse chomwe chiri kupitirira H ndi mzere wosweka, komanso manambala ang'onoang'ono ngati 1 kapena 2 mu kolamu ya ndalama. Ndi chifukwa chake Tsamba sitinalembe kaye mu I, tikufuna I ikhale yoyera kuti zotayikira zionekere. Kukonza kwake lembani 1500 mu G ndi manja, fufutani selo H ndi Delete, Shift cells left.

Nthawi zina si mzere umodzi wasuntha koma tsamba lonse. Tsamba lathu la 4 kolamu ya Ngongole yobweza inalibe nambala ngakhale imodzi ndiye linabwera ndi makolamu 7, izi sizovuta chifukwa yosowayo ndi ya kumapeto. Yoopsa ndi ikasowa ya kumayambiriro. Anthu a ku Rosettenville ndi ambiri, anadzadza tsamba 3 lonse, dzina la deralo linatsala pa tsamba 2, ndiye pa tsamba 3 kolamu ya Dera inali yopanda chilembo kuyambira pamwamba mpaka pansi, pulogalamu inangoitaya, maina n'kulowa mu A. Pamenepo mumangoika kolamu yopanda kanthu kumayambiriro, Insert, Entire column, maina abwerere mu B. Koma ngati simunawerenge 8 uja pa pepala simungadziwe kuti pali chosowa.

Mukamaliza onaninso manambala omwe atsamira kumanzere kwa selo, Excel ikuwatenga ngati mawu amenewo, kawirikawiri ndi 0 yemwe wawerengedwa ngati chilembo O kapena 1 ngati l, kapena mpata watsalira mkati mwa nambala. Mpata mumachotsa ndi Ctrl+H mutasankha makolamu a ndalama okha, osati a maina.

Sitepe yachisanu, kuunjika masamba ndi kuchotsa mitu yobwerezedwa

Tsamba likakwana makolamu 8 lembani nambala yake mu I pa mzere uliwonse, 1 mpaka pansi, la 2 chimodzimodzi, kenako mukopere masamba onse pansi pa mutu wanu uja motsatana. Tsopano chotsani zomwe si anthu. Ikani Filter, pa kolamu B sankhani mawu oti Dzina mufufute mizere imeneyo, kenako pa kolamu C sankhani Januwale mufufutenso, chifukwa mutu wakale unali wa mizere iwiri ndipo wachiwiriwo B yake ndi yopanda kanthu, mukasefa ndi B yokha umatsala. Palinso mizere ya ndalama zonyamula kupita tsamba lotsatira, ena amalemba C/F pansi ndi B/F pamwamba pa tsamba linalo. Imeneyo lembani kaye manambala ake pa kapepala ndiye muifufute, ikatsala SUM yanu iwerengera ndalama zomwezo kawiri katatu.

Sitepe yachisanu ndi chimodzi, selo yophatikizidwa ya Dera

Cholinga ndi choti munthu aliyense akhale ndi dera lake pa mzere wake, osati lidalire kuti ali pansi pa ndani. Ngati Excel yabweretsa maselo ophatikizidwa sankhani shiti yonse, Home, kamuvi ka pa Merge & Center, Unmerge Cells. Mawu amatsala mu selo ya pamwamba, enawo opanda kanthu.

Koma musathamangire kudzadza. Pa pepala dzina la dera nthawi zambiri limakhala pakatikati pa selo yaitali ija, ndipo OCR sidziwa za selo, imangoika mawuwo pa mzere womwe aima moyang'anizana nawo. Kwathu Turffontein inali ndi anthu 15 ndipo dzina linagwera pa munthu wachisanu ndi chitatu. Mukadzadza kutsika pansi zili choncho, anthu 7 oyamba a ku Turffontein atenga dera la pamwamba pawo, ndipo palibe fomula yomwe idzakuuzeni chifukwa ndalama zikukwanabe. Ndiye pa PDF pezani mzere wopingasa womwe wadula kolamu ya Dera, muone dzina la munthu woyamba pansi pa mzere umenewo, mu Excel musamutse dzina la dera lipite pa mzere wa munthu ameneyo. Madera athu anali 9, ndi ntchito ya mphindi khumi.

Kenako poduka tsamba. Tsamba likayamba ndi Dera yopanda kanthu nthawi zambiri ndi dera la tsamba lapita lomwe likupitirira, ngati Rosettenville ija. Koma onani kaye, ngati dera latsopano layambira ndendende pamwamba pa tsamba ndipo dzina lake liri pakati, mpatawo ukuoneka chimodzimodzi. Kusiyana kwake mukuona potsika ndi kolamuyo pa PDF. Mukafika pa dzina la dera musanadutse mzere wopingasa uliwonse ndiye kuti anthu a pamwambawo ndi a dera limenelo. Mukayamba mwakumana ndi mzere wopingasa kapena mwafika pansi osapeza dzina, ndi a dera la tsamba lapita.

Tsopano dzadzani. Sankhani A2 mpaka mzere womaliza, kolamu A yokha, dinani F5, Special, Blanks, OK. Osadina pena paliponse lembani = kenako muvi wokwera m'mwamba, ndiye Ctrl+Enter. Selo iliyonse yopanda kanthu itenga za pamwamba pake. Nthawi yomweyo koperani kolamu A muiike pomwepo ndi Paste Special, Values, mukaiwala izi tsiku lomwe mudzapange Sort madera onse adzasokonekera popeza akadali mafomula oyang'ana m'mwamba. Ikakuuzani kuti No cells were found pamene maso anu akuona mipata, ndiye kuti m'maselomo muli timipata kapena mawu osaoneka, sefani A musankhe (Blanks), mudine Delete, muchotse Filter muyambirenso.

Zinthu ziwiri zoti musachite apa. Musadzadze musanachotse mitu yobwerezedwa ija, apo ayi anthu a pamwamba pa tsamba 2 onse dera lawo likhala mawu oti Dera. Ndipo njira ya Blanks imeneyi musaiyese pa makolamu a ndalama, mpata wa mu Febuluwale ndi mpata weniweni, munthuyo sanapereke, mukaudzadza mwamupatsa 150 ya mnzake.

Sitepe yomaliza, masamu akuuzeni ngati zalondola

Macheki ake ndi awiri, wina wopingasa wina wotsika. Wopingasa ikani mu J2 mukokere mpaka pansi:

```
=SUM(C2:E2)-F2
```

Iyenera kupereka 0 paliponse. Mzere wa mayi uja ukanakhala wosakonzedwa ikanapereka 600, kutanthauza 150 ndi 150 ndi 300 kuchotsa Zonse yopanda kanthu. Ikapereka #VALUE! ndiye kuti mu F muli chilembo osati nambala.

Wotsika ndi pomwe kolamu ya Tsamba ikugwira ntchito:

```
=SUMIF(I:I;3;F:F)
```

Kompyuta yoikidwa pa South Africa mafomula amalekanitsidwa ndi chizindikiro cha ; ngati pamwambapa, yanu ikakana ikani koma m'malo mwake. Yankho lake mufananitse ndi kapepala ka C/F kaja, koma kumbukirani kuti C/F imaunjika kuchokera tsamba loyamba ndiye mumachotsera. Kwathu pansi pa tsamba 2 panali 22 950, pansi pa tsamba 3 panali 35 100, kutanthauza kuti tsamba 3 lokha ndi 12 150. SUMIF inandipatsa 11 700. Kusowa 450 ndendende, zopereka za munthu mmodzi miyezi itatu, pamene kolamu J yonse inali 0 mwee. Nditawerenga mizere ya tsamba 3 ndinapeza 27 pamene pa pepala ndi 28, ndi bambo woyamba uja anasanduka mutu chifukwa cha Promoted Headers. Cheki yopingasa singagwire mzere womwe kulibe, n'chifukwa chake onse awiri amafunika, komanso muwerenge anthu onse ndi =COUNTA(B2:B200) muone ngati akukwana 161 kapena nambala yanu. Makolamu a ngongole alibe Zonse yawo yopingasa ndiye amenewo ndinangowafananitsa ndi maso mzere ndi mzere, mwayi anthu angongole anali ochepa.

Mukamapulintanso

Kuti wotsatira asadzavutike ngati ine, pitani Page Layout, Print Titles, pa Rows to repeat at top lembani $1:$1, mutu uzituluka pa tsamba lirilonse wokha osachita kukopera ndi manja. A msungichuma anadandaula kuti akufuna mutu waukulu wa Zopereka ubwerere pamwamba pa miyezi itatu monga anazolowera, ndiye pa kope yopulinta ndinaonjezera mzere pamwamba, ndinalemba Zopereka mu C1, kusankha C1 mpaka E1, Ctrl+1, Alignment, pa Horizontal n'kusankha Center Across Selection. Imaoneka ngati yophatikizidwa koma maselo atatuwo akadali paokha, ndipo Rows to repeat at top imakhala $1:$2. Dera ndinalisiya lolembedwa pa mzere uliwonse ngakhale iwo amati likuoneka lodzadza. Miyezi yomwe munthu sanapereke ndinawapempha kuti azilemba 0 osati kusiya mpata, ndipo fayilo pano iri pa mafoni a anthu atatu.